Pulosesa yofanana, ramu yofanana, koma gemu pa laputopu yanga ikukwawa

Yamikani: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Laputopu yanga ndi ya Ryzen 5 3500U, gilafikisi yake ndi ya mkati mwa pulosesa momwemo, ija imalembedwa kuti Vega 8, ramu 8GB. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ali ndi laputopu ya kampani ina, koma pulosesa ndi yomweyi, ramunso 8GB. Tikaika GTA V pa 1280x720, zonse pa Normal, yake ikumapereka mafulemu oposa 40 pa sekondi. Yanga ikungozungulira pa 27, 28, ndipo ndikalowa m'tauni ndi galimoto yothamanga chithunzi chimachita kudukiza. Windows ndaika yatsopano, madiraiva atsopano, palibe chasintha. Wa pashopu ina wandiuza kuti ndichotse 8GB ndiike imodzi ya 16GB, yakaleyo aitenga andichotsereko mtengo. Ndipange?

Kondwani: Panga aise, wa pashopuyo sananame. 8GB masiku ano ndi nthabwala. Komanso ma Ryzen amenewo amadula pafupifupi 2GB kupatsa gilafikisi, ukaona bwino umatsala ndi 5.9GB yogwiritsa ntchito. Ndiye Windows idyepo, Chrome idyepo, gemu itsala ndi chiyani? Ika 16 uone.

Tadala: Koma a Kondwani, mnzakeyo nayenso ali ndi 8GB, ndipo nayenso yake ikudulidwa chimodzimodzi. Likanakhala vuto la kuchepa kwa ramu bwenzi zonse ziwiri zikukwawa.

Kondwani: Mwina ya mnzakeyo ilibe zinyalala zambiri zoyenda kumbuyo.

Yamikani: Yanga ndi imene ili ndi Windows yatsopano, bwana. Ya mnzangayo ndi yodzadza ndi zinthu, sindidziwa kuti imayaka bwanji.

Ankolo Dalitso: Mphwanga, usapereke kaye ramu yakoyo kwa munthu. Tsegula Task Manager, pita pa Performance, kenako Memory. Pansipo pali mzere wolembedwa Slots used ndi wina wolembedwa Speed. Uwerenge pa laputopu yako, uwerengenso pa ya mnzakoyo, utiuze.

Yamikani: Yanga: Slots used 1 of 2, Speed 2400 MHz. Ya mnzanga: 2 of 2, Speed 2400 MHz.

Ankolo Dalitso: Basi, nkhani yagona pamenepo. Mnzakoyo ali ndi ramu ziwiri za 4GB, iwe uli ndi imodzi ya 8GB. Kukula n'kofanana, koma njira yopitira ku ramuyo si yofanana.

Pulosesa yakoyo ili ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi ramu, ife okonza timati matchanelo. Tchanelo iliyonse imanyamula mabaiti 8 ulendo umodzi, ndipo ramu ya DDR4-2400 imapanga maulendo 2400 miliyoni pa sekondi. Ukachulukitsa ukupeza 19.2GB pa sekondi. Ramu ikakhala imodzi, tchanelo inayo imangokhala, ndiye malire ako ndi 19.2 yomweyo. Zikakhala ziwiri, m'siloti iliyonse imodzi, malire amafika 38.4.

Tsono pulosesa payokha, polemba kalata kapena kuwerengera pa Excel, siidandaula kwambiri ndi njira yopapatizayo, chifukwa ili ndi kankhokwe kake mkati komwe imasungako zimene ikugwiritsa ntchito pafupipafupi. Amene amavutika ndi gilafikisi. Vega 8 ilibe ramu yakeyake, imabwereka yomweyo ya laputopu, ndipo imadutsira njira yomweyo imene pulosesa ikudutsira. Ili ngati chigayo cha injini yamphamvu koma wothira chimanga ndi mmodzi, ali ndi kambale. Injini ingolira, ufa ukutuluka pang'onopang'ono. Ukagula 16GB imodzi wangokuza nkhokwe, wothira akadali mmodzi ndi kambale kake komweko.

Kondwani: Ankolo, ndamva, koma 19GB pa sekondi imodzi si yochepa. Gemu yonseyo ikukwana mu ramu ya 8GB. Zikutheka bwanji kuti njira yonyamula 19 pa sekondi ichepe?

Tadala: Chifukwa sikuti gemu imawerengedwa kamodzi n'kusiyidwa. Werengerani chithunzi chimodzi cha 1920x1080. Ndi timadontho toposa 2 miliyoni, kalikonse mabaiti 4, chithunzicho chikukwana 8.3MB. Kungochitumiza ku sikirini ka 60 pa sekondi ndi pafupifupi 500MB pa sekondi, musanajambule kanthu. Ndiye kuti chithunzi chimodzicho chipangidwe, gilafikisi imawerenga makoma, misewu, nkhope ndi magalimoto kuchokera mu ramu, imalemba mtunda wa chinthu chilichonse kuti idziwe chili kutsogolo ndi chiti, imalemba mithunzi payokha n'kudzaiwerenganso, kenako imabwereza chithunzi chonse poika kuwala ndi utsi. Kadontho kamodzi kamalembedwa ndi kuwerengedwa kambirimbiri. Komanso 19.2 ndi ya papepala, yeniyeni imachepera pamenepo, ndipo pulosesa nayonso ikufuna gawo lake.

Ankolo Dalitso: Achemwali afotokoza bwino kuposa ine. Ndiwonjezepo chimodzi kuti a Kondwani aone kukula kwake. Khadi ya gilafikisi yoima payokha ngati GTX 1650 ija ya GDDR5 ili ndi njira ya 128GB pa sekondi, yakeyake, osagawana ndi wina. Ndipo kuli khadi yaing'ono, GT 1030, imene inatuluka mitundu iwiri, dzina limodzi. Ya GDDR5 njira yake ndi 48GB pa sekondi, ya DDR4 ndi pafupifupi 17. Anthu amene anagula ya DDR4 osadziwa analira, chifukwa pa magemu imatsalira kutali. Matenda ake ndi omwewa a laputopu ya Yamikani.

Kondwani: Chabwino. Koma mu BIOS muli malo owonjezera ramu ya gilafikisi. Ine pa yanga ndinaikweza kuchoka pa 512MB kufika 2GB, gemu ina imene inkakana kutseguka inatseguka.

Ankolo Dalitso: Zimenezo zimachitikadi, malo ake amalembedwa UMA Frame Buffer Size, ngakhale malaputopu ambiri anabisa. Magemu ena amayang'ana nambala imeneyo poyamba, akaona yaing'ono amakana kapena amachenjeza. Ndiye mwautsegulira chitseko, koma liwiro simunawonjeze. Mwangodula ndime yaikulu m'munda womwewo. Gilafikisi ikasowa malo, Windows imaibwereka ina kuchokera mu ramu yomweyo, onani pa Task Manager polembedwa Shared GPU memory. Yodulidwa ndi yobwereka zonse zikuyenda njira imodzi, liwiro limodzi.

Mayi Nachisale: Pepani ana anga, ndilowererepo. Yanga ya ku ofesi imatenga nthawi yaitali kuyaka, ndimaika madzi a tiyi pamoto n'kubwera isanamalize. Ndikatsegula Excel imayamba yaganiza kaye. Ndiye kuti nanenso ndigule ramu yachiwiriyo?

Tadala: Amayi, lanulo likuoneka lina. Pa Task Manager pomwepo, dinani Disk m'malo mwa Memory. Ngati palembedwa HDD ndipo ikumakhala pa 100% nthawi yaitali mukangoyatsa, chofunika ndi SSD. Matchanelo awiri sangafulumizitse kuyaka.

Mayi Nachisale: Palembedwadi HDD, ndipo ili pa 100. Zikomo mwanawe, ndiwauza a ofesi. Pitirizani za magemu zanuzo.

Yamikani: Ankolo, ndiye ndigule ramu yotani? Ndalama imene ndili nayo ikukwana ya 4GB pompano. Ya 8GB ndiyenera kudikira mwezi uthe.

Ankolo Dalitso: Usanagule chilichonse, tsegula chivundikiro cha pansi uone ndi maso ako kuti siloti yachiwiriyo ilipodi. Task Manager imangobwereza zimene BIOS yaiuza. Ndaonapo laputopu yolemba masiloti 4 koma mkati muli awiri, ndi ina yolemba 1 of 2 koma pamene panayenera kukhala siloti pali timadontho ta chitsulo chabe, sanaikepo. Ukatsegula, werenganso kapepala kali pa ramu yako, utilembere monga kalembedwera.

Ngati ukuopa kutsegula lero, tsegula PowerShell ulembe izi, zikuuza zimene zili mkati:

```
Get-CimInstance Win32_PhysicalMemory | Select-Object DeviceLocator, Capacity, Speed, PartNumber
```

Koma ndikubwereza, maso ndi amene sanama.

Yamikani: Ndatsegula. Siloti ilipo, yopanda kanthu. Pa kapepala palembedwa 8GB 1Rx8 PC4-2400T. Fani ndiye yadzadza fumbi ngati yakhala ku chigayo chanu chija.

Ankolo Dalitso: Fumbilo tidzabwererako, likumbukire. PC4 ndiye kuti DDR4, 2400 ndi liwiro, 1Rx8 ndi mmene machipi anayalidwira. Funa ina ya 8GB DDR4 ya laputopu, yaifupi ija, ndipo ikapezeka yolembedwa 1Rx8 ndiye bwino kwambiri. Ukapeza ya 2666V kapena 3200AA usaikane, nthawi zambiri imangotsika n'kuyenda pa 2400, chifukwa 3500U malire ake ndi pomwepo. Ungopewa kulipira zambiri chifukwa cha liwiro limene sudzaligwiritsa ntchito. Yolembedwa PC3 kapena PC3L isiye, ndi DDR3, ndipo siingalowe n'komwe poti kampata kake kali pena.

Kondwani: Ine ndinamva kuti ramu ziwiri zikasiyana kukula, duwo tchanelo siigwira. Ndiye ya 4GB angotaya ndalama.

Tadala: Imeneyo ndi nkhani ya makompyuta akale kwambiri. Yanga ili ndi 4GB yowotcherera pa bodi, yosachotseka, ndi siloti imodzi. Ndinaikamo 8GB, zonse 12, ndipo pulogalamu yoonetsa za mkati mwa kompyuta ya CPU-Z, pa Memory, ikulemba Dual. Zimene zimachitika n'zakuti 4 ya uku ndi 4 ya uko zimagwirizana n'kuyenda pa matchanelo awiri, ndiye 8GB. 4GB yotsalayo ilibe inzake, imayenda pa tchanelo imodzi. A Intel njira imeneyi amaitchula Flex Memory.

Kondwani: Ndiye gemu imakhala mbali iti, yothamangayo kapena yotsimphinayo?

Tadala: Pamenepo ndiye povuta. Windows siikufunsani, ndipo palibe poidina kuti gemu ikhale uku. Ine pa yanga ndinaona kusintha kwenikweni kuchoka pa 4GB, koma sindingalekanitse kuti n'chifukwa cha matchanelo kapena chifukwa 4GB inali yochepa kale. Chimene ndimaona n'chakuti ndikatsegula zinthu zambiri kaye kenako gemu, masiku ena imayenda mosalala, masiku ena imadukizako.

Ankolo Dalitso: Ine pa zimene ndaona pa tebulo langa, 8 ndi 4 imaposa 8 yokha pa magemu, kutalitali. Koma 8 ndi 8 imakhala yokhazikika, sukhala ndi mafunso ngati a achemwaliwa. Kwa amene ramu yake ndi yowotcherera palibe kuchitira mwina, asankhe pakati pa 4 ndi 4 kapena 4 ndi 8. Koma Yamikani ali ndi masiloti awiri enieni. Mphwanga, dikira mwezi uthe. Ukagula ya 4 lero, chaka chamawa udzaichotsa, ndipo ya 4 yakale palibe amene adzakugule pa mtengo wooneka.

Tadala: Pa 4 ndi 4 kapena 4 ndi 8 ine ndingasankhebe 12. Mukadula 2GB ya gilafikisi pa 8, zotsalazo zimadzadza msanga, laputopu n'kuyamba kulembera pa disiki, ndipo kudukiza kwake kumaposa kwa tchanelo imodzi.

Ankolo Dalitso: Zitengera gemu yake. Ya mnzake wa Yamikani ili pa 4 ndi 4 ndipo ikuyenda. Koma sinditsutsa, pa ntchito zina 12 ndi yabwino.

Blessings ku Joni: Moni nonse kumudzi. Nkhaniyi yandikumbutsa zanga. Ndinagula laputopu ya Core i5-1235U kuno, ndinawerenga kuti pulosesa imeneyi ili ndi gilafikisi ya Iris Xe. Kufika kunyumba, Device Manager ikulemba Intel UHD Graphics. Ndinapsa mtima, ndinkaganiza kuti andipatsa ina. Mnyamata wina wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti ndiike ramu yachiwiri. Nditaika, dzina linasintha lokha kukhala Iris Xe.

Ankolo Dalitso: Eya, a Intel analemba okha pa tsamba la mapulosesa amenewo kuti dzina la Iris Xe ligwiritsidwe ntchito pokhapokha ramu ili pa matchanelo awiri, apo ayi itchulidwe UHD. Chipi ndi chomwecho. Ngakhale eni ake sakufuna kuti dzina lawo labwinolo lionekere pa laputopu ya ramu imodzi.

Blessings ku Joni: Koma ankolo, mlamu wanga ali ndi yatsopano ya DDR5, ramu imodzi yokha, ndipo akuti CPU-Z ikumuonetsa matchanelo awiri. Akuti DDR5 inathetsa vuto limeneli.

Tadala: Muwafunse alamu anuwo awerenge bwino, mupeza palembedwa 2 x 32-bit. DDR5 inagawa ramu imodzi kukhala tinjira tiwiri ta mabiti 32, tonse pamodzi n'kukwana mabiti 64, omwe ndi mabaiti 8 aja a DDR4 imodzi. Msewu ndi womwewo, angojambula mzere pakati. Ramu ziwiri za DDR5 zimalemba 4 x 32-bit, imeneyo ndiye 128 yathunthu. Chimene chimawathandiza n'chakuti DDR5 ndi yothamanga kale. Imodzi ya 4800 imapereka 38.4GB pa sekondi, yofanana ndi DDR4-2400 ziwiri. Koma gilafikisi ya mapulosesa atsopanowo ndi yaikulunso, njala yake ndi yaikulu.

Mphatso: Ine musandinamize, ndinayesa zimenezi. Laputopu yanga ya AMD A9-9425, ndinawonjezera ramu, pa gemu ya mpira palibe chinasintha. CPU-Z ikulembabe Single mpaka lero.

Ankolo Dalitso: Simunalakwitse kuika, achimwene. Pulosesa imeneyo inapangidwa ndi tchanelo imodzi yokha, ndiye kaya muike ramu zingati, zonse zikudutsa khomo limodzi. Intel N100 imene ili m'malaputopu otchipa atsopanowa ilinso chimodzimodzi. N'chifukwa chake musanagule muzifufuza dzina la pulosesa pa tsamba la AMD kapena Intel. A Intel amalemba pa mzere wa Max # of Memory Channels. Pakalembedwa 1, ramu yowonjezera ikupatsani malo okha.

Mphatso: Ndiye ndinangotaya ndalama.

Ankolo Dalitso: Chrome yanu inapumako, koma mpira ayi.

Yamikani: Ndabweranso akuluakulu, malipiro a ganyu alowa. Ndazungulira mashopu, ya 1Rx8 sindinaipeze. Ndapeza yolembedwa 8GB 1Rx16 PC4-3200AA, ili ndi machipi 4 okha pomwe yanga ili ndi 8. Wogulitsa wavomera kuti ikakana ndibweze. Ndiike bwanji kuti ndisaotche kanthu?

Ankolo Dalitso: Usanaike, yeza kaye mmene zilili panopa, apo ayi udzangoti "ikuoneka ngati yasintha". Lumikiza tchaja, tseka zonse, tsegula Command Prompt ngati Administrator, ulembe:

```
winsat mem
```

Ikupatsa nambala ya MB/s, uilembe papepala. Kenako GTA V ili ndi poyezera pake mu Settings, pa Graphics. Iyendetse kawiri kapena katatu, usasinthe kalikonse, ulembenso.

Ukatha, zimitsa laputopu kwenikweni, osati kuigoneka. Chotsa tchaja, tsegula pansi, zula kachingwe ka batire pa bodi, udine batani loyatsira masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe. Gwira chitsulo china kaye, ndipo ramuyo uzigwira m'mbali, osati pa mano agolide aja. Ilowetse mopendeka, kampata kagwirizane ndi kamzere ka m'siloti, ikankhe mpaka mano abisike, ndiye uitsitse pansi mpaka tizitsulo ta m'mbali tigwire tokha. Ikavuta usakakamize, yatembenuka. Poyatsa koyamba sikirini ikhoza kukhala yakuda kanthawi, usathamangire kuzimitsa.

Kondwani: Ikapanda kuyaka n'komwe?

Ankolo Dalitso: Kawirikawiri imakhala kuti sinalowe mpaka kumapeto. Aichotse, aikenso. Ikakanabe, ayese yatsopanoyo yokha m'siloti ya yakale. Ikayaka yokha koma n'kukana zili ziwiri, ndiye kuti sizikugwirizana kapena siloti ili ndi vuto, abweze asinthe ina.

Yamikani: Yayaka ulendo woyamba! Task Manager: 16GB, 2 of 2, 2400 MHz. CPU-Z ikulemba Dual. Koma pali chimene chandidetsa nkhawa, pa DRAM Frequency ikulemba pafupifupi 1200 MHz. Kodi yatsopanoyi yatsitsa liwiro ndi theka?

Tadala: Ayi, zili bwino. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi kwa wotchi yake, ndiye 1200 ya CPU-Z ndi 2400 ya Task Manager ndi chinthu chimodzi. Tipatseni manambala enawo.

Yamikani: winsat poyamba inali cha m'ma 16,000 MB/s, pano cha m'ma 29,000. GTA V pamalo pomwe ndinkapeza 28 ndikupeza 42, 43. Chimene chandisangalatsa kwambiri si nambalayo, koma kudukiza kuja m'tauni kwachepa kwambiri. Ndayesanso 1920x1080 mwa chidwi chabe, ikuseweredwa movutikira, koma kale inali yosayesa n'komwe.

Kondwani: Njira yawirikiza kawiri, nanga mafulemu bwanji sanafike 56?

Ankolo Dalitso: Chifukwa wothira chimanga akakhala awiri, malire amasamukira ku injini. Vega 8 ili ndi mphamvu zake zomwe singapitirire, ndipo pulosesa yonseyo, gilafikisi ndi zonse, inapangidwira mawati 15. Gawo la ntchito limene linkadikira ramu ndi limene lafulumira, lina lija lowerengera likadali pomwepo. Ndiye kusintha kumasiyana gemu ndi gemu. Komanso a Kondwani mupeze pokondwera, iye wachoka pa 8 kufika 16, mbali ina ya kudukiza kuja mwina inali ya kuchepa kwa malo monga munanenera.

Kondwani: Mwamva nonse? Ankolo avomera.

Tadala: Avomera theka. Pali njira yodziwira. A Yamikani, mubwereke ramu ziwiri za 4GB za mnzanuyo muike mwanu, muyezenso. Mukapeza cha m'ma 40 ndi 8GB yomweyo, nkhani ya kukula yagwa.

Yamikani: Ndamufunsa, akuti laputopu yake isakhudzidwe ndi sikuludiraiva ngakhale nditamugulira chipisi. Koma yake ija ndi umboni kale, si 8GB imene ikupereka 40?

Pali china. Ndasewera pafupifupi mphindi 20, mafulemu ayamba kutsika mpaka cha m'ma 34, fani ikulira kwambiri. Kale sinkatsika chonchi, inkangokhala pa 28 pake. Kodi ndi 1Rx16 ija?

Ankolo Dalitso: Si ramu imeneyo, ndi fumbi lija ndinati ulikumbukire. Kale gilafikisi inkakhala nthawi yambiri ikudikira, ndiye sinkatentha kwambiri. Pano ikudya mokwanira, ikugwira ntchito nthawi yonse, kutentha kwakwera, ndipo laputopu ikudzitsitsa liwiro kuti isapse. Vuto la ramu likanaoneka kuyambira mphindi yoyamba, silidikira mphindi 20. Tsegulanso, gwira fani ndi chala kuti isazungulire, uchotse fumbi ndi kabulashi kofewa, makamaka pa tizitsulo totulukira mpweya, pamakhala chinthu ngati bulangete. Ngati laputopuyo sinasinthidwepo phala lija la pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsa, lisinthidwe. Ndipo usaseweretse pabedi.

Tadala: Koma ankolo, 1Rx16 musaichotse mlandu wonse. Machipi a x16 a DDR4 ali ndi magulu awiri a mabanki, tizipinda ta mkati mwa chipi tosungiramo zinthu, a x8 ali ndi 4, ndiye a x16 amadikiritsa pang'ono zopempha zikachuluka. Liwiro lolembedwa n'lofanana koma ntchito yake imatsalirako. Mwina ndi x8 ziwiri akanapeza zoposa 43.

Ankolo Dalitso: N'zoona, kusiyana kulipo. Koma pa 3500U ya mawati 15 ine sindingamutume mwana kuzungulira tauni yonse chifukwa cha zimenezo. Phindu lalikulu walipeza kale. Akadzakumana ndi ya 1Rx8 pa mtengo womwewo asinthe, akapanda kuipeza agone tulo.

Tadala: Ine ndikanabweza, poti wogulitsa anavomera kale. Koma ndi laputopu yawo.

Yamikani: Kubweza ndibweza ndikapeza inayo, pakadali pano ikhale. Fumbi ndachotsa, linatulukadi ngati bulangete. Ndasewera ola lathunthu, ikumatsika mpaka 39 basi. Phala lija ndilibe, ndidzabwera nayo ankolo. Dzulo magetsi atazima ndinayesa pa batire, inabwerera cha m'ma 30, ndinadzidzimuka.

Ankolo Dalitso: Pa batire malaputopu ambiri amadzichepetsera mphamvu, si ramu. Uziyeza uli pa tchaja nthawi zonse. Chotsala chimodzi, poti ramu zakozo ndi zosiyana mtundu: dina Windows ndi R, ulembe mdsched.exe, uilole iyambirenso laputopu iyeze ramu yonse. Uchite lero nthawi yobweza isanathe. Ikapeza cholakwa, kapena ukayamba kuona sikirini ya buluu imene kale kunalibe, ibwerere kwa mwini wake.

Blessings ku Joni: Asisi a Tadala, ndawauza alamu za 2 x 32-bit zija. Atsegula laputopu yawo, akuti mulibe siloti ina, ndi imodzi yomweyo, ndipo pa bodi sakuonapo machipi a ramu owotcherera. Akufunsa ngati kuika ya 32GB kungasinthe kanthu pa magemu.

Tadala: Awauze atitumizire dzina la pulosesa ndi zolembedwa pa kapepala ka ramu imene ilimoyo. Ngati ndi ya 8GB ya 1Rx16, pali kanthu kakang'ono kamene angapindule posintha. Koma tchanelo yachiwiri sangaigule m'shopu ngati opanga bodi sanailumikize.